Kalata yofunsa pulogalamu yakale ija, musawauze nkhani yake, apatseni deti

"Ndikufuna kulembera kalata a kanema ndiwafunse dzina la pulogalamu ina yomwe inkaonetsedwa madzulo ndili mwana. Dzina ndinaiwala koma kanyimbo kake kakundizungulirabe m'mutu. Ndilembe bwanji kuti andiyankhe?"

Achemwali, imelo yanuyi ndaiwerenga kawiri ndikuseka ndekha, chifukwa kalata imeneyo inenso ndinailembapo ndipo ndinailemba moipa zedi. Mapeji awiri athunthu. Ndinafotokoza za bambo wina wachipewa yemwe ankangolowa m'nyumba za anthu osagogoda, ndinafotokoza kanyimbo koyambira ka gitala mpaka kuyesa kulemba kaliridwe kake ndi zilembo, tin-tin-tiriri, eti munthu wamkulu ine, ndinaonjezanso zoti malemu agogo anga ankaikonda kwambiri moti munthu ukatsokomola nthawi imeneyo umatulutsidwa panja. Kumapeto kwenikweni ndi kumene ndinangoponyapo kuti "inkaonetsedwa madzulo cha m'ma 2004". Yankho silinabwere. Ndinakhala chaka chathunthu ndikuuza aliyense kuti anthu a kanema ndi onyada, safuna kuthandiza owonera.

Amene anandichotsa mkwiyowo ndi mkulu wina yemwe anagwirapo ntchito m'chipinda choulutsira, tinangokumana pa zochitika zina ndipo nditamudandaulira anandifunsa funso limodzi lokha, akuti linali tsiku lanji? Ndinati sindikudziwa. Akuti nanga mumafuna munthuyo atsegule pati? Ndi pomwe anandifotokozera kuti siteshoni ya kanema sisunga zinthu potengera nkhani ya pulogalamu, palibe shelefu yolembedwa kuti "bambo wachipewa". Zomwe amasunga zimayenda ndi deti komanso ola. Pali ndandanda ya mapulogalamu yomwe amakonzeratu masabata angapo tsikulo lisanafike, imeneyo ndi yomwe ankatumiza ku nyuzipepala, ndiye palinso logi, buku kapena fayilo yomwe oulutsa amalembamo zomwe zatulukadi pa kanema, chakuti chayamba nthawi yakuti chatha nthawi yakuti, ndi zotsatsa malonda zomwe, poti eni malonda amafuna umboni woti ndalama zawo zagwira ntchito. Ziwirizi sizifanana nthawi zonse. Tepi ikavuta kapena mwambo wina waukulu ukatenga nthawi yaitali, ndandanda imanenabe zake koma logi ndi imene imanena zoona.

Ndipo apa ndinene mosabisa, anthu ambiri amene timalemba makalata otere ndife aulesi, tikufuna munthu wa pa desiki akumbukire ubwana wathu m'malo mwathu. Amene amatsegula kalatayo mwina nthawi imene pulogalamuyo inkaonetsedwa anali asanayambe ndi sukulu yomwe. Ine panopa sindiwaimbanso mlandu olo pang'ono.

Komanso musayembekeze kuti akutumizirani pulogalamu yeniyeniyo, limenelo ndi pempho lina ndipo mukaliphatikiza m'kalata yomweyo mumangoilemetsa. Matepi akale aja, a Betacam ndi anzake, anali odula ndiye ankafufutidwa nkujambulirapo zina. Si za masiteshoni osauka okha ayi, BBC yeniyeniyo m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 inafufuta mapulogalamu ambirimbiri moti zigawo zina za sewero lawo la Doctor Who zikusowabe mpaka lero. Chomwe chinawapulumukira bwino ndi mapepala, ndandanda ya m'magazini yawo ya Radio Times kuyambira 1923 mpaka 2009 anaiika pa intaneti pa ntchito yomwe anaitcha Genome. Pepala limakhalitsa kuposa tepi. Ndiye ngati pulogalamu yanuyo inali yogula kunja ndiye kaya, siteshoni imangogula chilolezo choionetsa kwa nthawi yakutiyakuti, nthawiyo ikatha tepi imabwezedwa kapena kufufutidwa, chotsala ndi dzina lokha m'mabuku.

Mkulu uja anandiuza kuti ndisiye kukumbukira pulogalamuyo, ndikumbukire zomwe zinkaizungulira. Poyamba ndinaona ngati zachibwana. Koma nditakhala pansi ndinakumbukira kuti nthawi ina agogo anadandaula mwezi wathunthu kuti pulogalamu yawo yalandidwa malo ndi mpira, ndipo mpira wake unali uja Zidane anagunda munthu ndi mutu pachifuwa. Chimenecho ndi Chikho cha Dziko Lonse cha ku Germany, chinayamba Lachisanu pa 9 Juni nkutha Lamulungu pa 9 Julayi 2006. Osati 2004 ngati mmene ndinalembera mwamphamvu muja, ndinaphonya ndi zaka ziwiri zathunthu, ndiye olo akanafuna kundithandiza akanafufuza malo olakwika. Tsiku lake ndinalipeza chifukwa mchemwali wanga anakumbukira kuti ankachita kuthamanga pochokera kokonzekera kwaya kuti asaiphonye, ndipo kwayayo inkakumana Lachinayi. Basi, kuchoka pa "madzulo ena ake" ndinatsala ndi masiku anayi okha, Lachinayi la pa 4, 11, 18 ndi 25 Meyi 2006, mpira usanayambe kusokoneza zinthu.

Ndinapita ku laibulale komwe amasunga nyuzipepala zakale zomanga pamodzi, ndinapempha za Meyi 2006, tsamba la mapulogalamu a kanema linali chakumapeto pafupi ndi zamasewero. Sipanathe ola. Koma chimene ndinapeza chinandichititsa manyazi pang'ono, panali mayina awiri, lina hafu pasiti 7 nkhani zisanayambe, lina hafu pasiti 8 nkhani zitatha, ndipo onse awiri nditawawerenga mtima unagunda mofanana. Kalata yachiwiri inali ya mizere isanu ndi umodzi basi, ndinaika madeti aja ndi mayina awiriwo nkufunsa kuti bambo wachipewa anali muti. Imeneyo anayankha. Bamboyo anali mu ya hafu pasiti 8, koma kanyimbo ka gitala kaja kanali ka ya hafu pasiti 7 yomwe inali yophunzitsa, yopanda sewero ndi pang'ono pomwe. Zaka zonsezi mutu wanga unasoka mapulogalamu awiri nkukhala imodzi, ndiye kanyimbo kanuko musakadalire kwambiri, mwina nkapulogalamu yoyandikana nayo, mwinanso nkotsatsa malonda komwe kankabwera pakati sabata iliyonse.

Ndiye kalatayo

Lemberani a dipatimenti ya mapulogalamu kapena a laibulale ya siteshoniyo, osati a nkhani. Mutu wa kalata ukhale ndi tsiku, ola ndi chaka. Mkati lembani motere: "Ndikufuna dzina la pulogalamu yomwe inkaonetsedwa Lachinayi pakati pa 7 ndi 9 koloko madzulo mu Meyi 2006. Inali sewero la mphindi pafupifupi 30, inkabwera nkhani zitangotha. Ndikupempha dzina lokha, osati kope." Onjezani chizindikiro chimodzi chomwe mukutsimikiza, nenaninso ngati inali yakunja kapena yopangidwa ndi iwo eni, ndipo ngati mukukayika chaka perekani ziwiri zoyandikana osati "ndili mwana". Onetsetsaninso kuti siteshoniyo sinasinthe dzina kapena kuphatikizidwa ndi ina, poti mabuku amapita ndi amene anatenga malowo. Pakatha masabata atatu muli zii imbani foni mufunse amene wakhalitsa kwambiri m'chipinda choulutsira, koma ku laibulale ya nyuzipepala zakale kuja yambani mwapitako kaye.