Vidiyo yopempha thandizo la kalasi imafera kumapeto

"Abale, bungwe lathu ndi laling'ono, tikumanga chipinda chimodzi chophunzirira. Makoma tamaliza koma ndalama zatha denga lisanakwere. Tikufuna kujambula vidiyo yopempha thandizo yoti ikhudze anthu mtima. Mawu ake tiwalembe bwanji?"

Achemwali, musanaitane wojambula aliyense, khalani pansi mulembe kaye masekondi 25 omaliza. Mavidiyo ambiri a mabungwe ang'onoang'ono amafera pamenepo, ndipo zimapweteka kuonera. Munthu waonera mpaka sekondi ya 70, mtima wamugwira, foni ili m'manja, wakonzeka kupereka. Kenako nyimbo ikukwera, pakutuluka mawu akuti "Tiyeni tigwirane manja pothandiza ana athu", chizindikiro cha bungwe chikuzungulira, nambala ya akaunti ikuoneka masekondi awiri m'zilembo zing'onozing'ono zoyera pamwamba pa khoma loyera, vidiyo yatha. Munthu uja sakudziwa kuti apereke zingati, ndalamayo igula chiyani, ndiponso ikufunika pofika liti. Akubweza vidiyo m'mbuyo kuti akopere nambala, chala chikuphonya, akuona ina yotsatira, basi wapita. M'mawa mwake a komiti akupeza timitima tambirimbiri ndi ndemanga zoti "ntchito yabwino", koma mu akaunti mulibe chalowa. Makoma aja akungonyowa ndi mvula.

Ndipo amene amachititsa zimenezi kawirikawiri ndi ojambula ena amene amatenga ndalama za bungwe losauka n'kukapanga vidiyo yoonetsera luso lawo. Masekondi 15 oyambirira amathera pa droni ikuuluka pamwamba pa mitengo. Amauza ana kuti avule nsapato, asamamwetulire, ayang'ane pansi. Ena amafunsa mwana mafunso opweteka mobwerezabwereza mpaka alire, kamera ili pamphuno. Zimenezi ndi nkhanza, ndipo mwanayo adzakula vidiyo idakali pa intaneti, anzake akumuseka nayo. Mukawafunsa za pempho amati "tiika kumapeto", ngati kuti ndi chinthu chongowonjezera. Musalole. Mawu a vidiyo ndi anu, wojambula azitsatira zimene mwalemba.

Pempho lokhoza limayankha zinthu zinayi m'ziganizo zochepa: chatsala n'chiyani, munthu mmodzi apereke zingati, pofika liti, ndipo atumize bwanji. Kuti mufike pamenepo, mmisiri akulembereni mtengo wa denga lonse, osati malata okha. Awerengere matabwa, misomali, zotsekera pamsonga pa denga, mayendedwe ndi malipiro ake. Tinene kuti denga lanu likufuna malata 30. Gawani mtengo wonsewo ndi 30, ndipo chimene chatuluka ndicho mtengo wa "lata limodzi lokhomedwa padenga". Nenani choncho mu vidiyo, kuti wina akaona kuti mtengo wanu waposa wa kusitolo asakuyeseni akuba. Amene amapempha mtengo wa lata lokha amagula malata onse n'kuwaunjika mu ofesi chifukwa palibe matabwa, kenako amabweranso kwa anthu omwe aja kudzapempha kachiwiri, ndipo ulendo wachiwiri anthu sapereka msanga.

Ngati pali amene analonjeza kale, ayambe iwo kupereka vidiyo isanatuluke. "Malata 12 apezeka, atsala 18" imakoka anthu kuposa "tikufuna malata 30", chifukwa munthu amaona kuti ntchitoyi ikutha ndithu ndipo ndalama yake sikalowa m'dzenje.

Mukatha pempho m'pamene mubwerere koyambirira. Vidiyo yonse isapitirire masekondi 90. Munthu wolankhula modekha amanena mawu pafupifupi awiri pa sekondi, ndipo mawu athu ndi aatali, komanso pamafunika malo opumira. Choncho lembani mawu osapitirira 120 kapena 130. Werengani mokweza wotchi ili pambali. Mukapyola, dulani mawu, musathamangitse wolankhula.

Nkhani ikhale ya mwana mmodzi. Mu 2007 Deborah Small, George Loewenstein ndi Paul Slovic anasindikiza kafukufuku woonetsa kuti anthu anapereka zambiri atauzidwa za mtsikana mmodzi kusiyana ndi atauzidwa ziwerengero za anthu ovutika, ndipo ziwerengerozo zitaikidwa pambali pa nkhani ya mtsikanayo, zopereka zinatsika. Ndiye musayambe ndi kuchuluka kwa ana osapita kusukulu padziko lonse. Chiwerengero chimodzi chokha n'chokwanira, cha ana amene adzakhale m'chipindacho, ndipo chibwere woonera atamudziwa kale mwana uja.

Nachi chitsanzo, inu musinthe malinga ndi zoona zanu. Masekondi asanu oyambirira palibe moni, palibe dzina la bungwe. Kamera ili pafupi ndi kope lomwe linanyowa n'kuuma, masamba atakwinyika, inki itayenderera, zala za mwana zikuyesa kulekanitsa masamba omatana. Mawu a mwanayo akumveka: "Apa ndinalemba masamu. Mvula inafufuta." Kuyambira sekondi 5 mpaka 25 tikumuona nkhope, ali pamalo pomwe amaphunzirira panopa, akunena yekha chimene amakonda ndi chimene akufuna kudzakhala. Apa aseke ngati akufuna kuseka. Woonera ayambe wamukonda mwanayo asanamumvere chisoni, apo ayi chisonicho sichikhalitsa.

Kuyambira 25 mpaka 45 ndi pamene nkhani imatsika pansi, ndipo alankhule ndi mphunzitsi, osati mwana. Anene chinthu chimodzi chooneka ndi maso: "Mitambo ikangoda ndimasiya phunziro pakati, ana 60 n'kubalalika. Mawa lake timayambiranso pomwe tinayambira dzulo." Akatha kunena zimenezi musiye masekondi awiri kapena atatu opanda mawu, opanda nyimbo, kamera ili pa bolodi lotsamira mtengo. Ojambula amakonda kudula kachetechete ameneyu poganiza kuti ndi nthawi yotayika, pomwe ndi pamene woonera amameza zimene wamva.

Kuyambira 45 mpaka 65 nkhani itembenuke. Onetsani makoma amene mwamanga, manja a makolo amene anagwira ntchitoyo, mwana uja akulowa pakhomo lopanda chitseko n'kuyang'ana kumwamba kumene kulibe denga. Mawu ake: "Makoma awa tamanga tokha. Chatsala ndi denga." Gawo limeneli ndi limene limasiyanitsa vidiyo yopempha mwaulemu ndi yongolira. Anthu amafuna kulowa m'gulu la anthu amene akuyesetsa kale.

Kenako pempho, kuyambira 65 mpaka 90, munthu mmodzi akuyang'ana mu kamera: "Denga likufuna malata 30. Tapeza 12, atsala 18. Lata limodzi, pamodzi ndi matabwa ndi misomali yake, ndi ndalama zakuti. Gulani limodzi pofika tsiku lakuti, kuti tifolere mvula isanayambe. Tumizani pa nambala ili apayi." Nambalayo ikhale pa sikirini masekondi osachepera 10, zilembo zazikulu zakuda pamalo oyera, pamodzi ndi dzina limene munthu adzaone akamatumiza. Dzinalo likhale la bungwe. Likatuluka la munthu wina amene sanatchulidwe mu vidiyo, ambiri amabwerera pomwepo. Njira yotumizira ikhale imodzi, ikachuluka ziwiri. Musaonjezere kuti "tsatirani tsamba lathu, gawirani anzanu, bwerani mudzatione", chifukwa munthu akapatsidwa ntchito zinayi amasankha yosavuta, ndipo yosavutayo si yopereka ndalama. Nambala yomweyo muilembenso m'mawu operekeza vidiyo kuti anthu athe kuikopera.

Tsiku lomaliza likhale lenileni, logwirizana ndi nthawi imene mmisiri akufuna kuti akhome denga. Ndipo komiti igwirizane pasadakhale chochita ndalama zikaposa kapena zikaperewera, mulembe chiganizo chimodzi pansi pa vidiyo, monga chakuti zotsala zigula mawindo ndi chitseko cha chipinda chomwecho. Ndalama yopemphedwa pa denga ikagwira ntchito ina anthu osauzidwa, mbiri ya bungwe imathera pomwepo.

Za mwanayo musazitenge mopepuka. Makolo kapena omulera asaine chilolezo atafotokozeredwa kuti vidiyo ikaonetsedwa kuti, ndiponso kuti ikangotuluka simungathe kuibweza m'mafoni a anthu. Mwanayo naye afunsidwe, akakana musankhe wina. Tchulani dzina loyamba lokha kapena lina longomupatsa, musaonetse kwawo kapena njira imene amadutsa. Pojambula pakhale mphunzitsi kapena kholo. Musamulembere mawu oti aloweze, amamveka ngati akulakatula ndakatulo. Mufunseni mafunso osavuta, monga "chinachitika n'chiyani ndi kope ili?", mujambule mphindi zingapo, musankhemo chiganizo chimodzi kapena ziwiri. Choncho mawu amene ndaika m'kamwa mwa mwana pamwambapa ndi chitsanzo chabe cha zimene mukufunafuna, enieniwo atuluke mwa iye.

Anthu ambiri amaonera mavidiyo a pa Facebook mawu atatseka, ndiye chilichonse cholankhulidwa chilembedwenso pansi, mizere isapitirire iwiri. Jambulani foni itaima, pa 9:16, ngati vidiyo ikuyenda pa mafoni. Musanaitulutse itumizeni pa WhatsApp ku foni yaing'ono yotsika mtengo, chifukwa WhatsApp imafinya vidiyo ndipo zilembo zing'onozing'ono zimasokonekera. Mupatse munthu amene sadziwa za ntchitoyi aonere kamodzi, kenako mumufunse kuti akupemphedwa zingati ndipo atumize kuti. Akakanika kuyankha, konzani mapeto.

Ndawadandaula ojambula, komabe ngati muli ndi kandalama pang'ono, lembani ntchito munthu wodziwa kujambula mawu, kapena gulani kamaikolofoni kokoleka pa kolala. Chithunzi cha foni anthu amachikhululukira, koma mphepo ikamawomba mu maikolofoni mpaka mawu a mwana osamveka, amachoka. Kamaikolofoniko kakhale pafupifupi masentimita 15 mpaka 20 pansi pa chibwano, kavekedwe kachipewa kake kotchinga mphepo, ndipo wina azimvetsera pa mahedifoni pamene mukujambula. Jambulani m'mawa kapena chakumadzulo, dzuwa lili kutsogolo kwa wolankhula, chifukwa masana maso amalowa mumthunzi.

A wapampando adzafuna kulankhula, ndipo akapatsidwa mpata adzayamba ndi mbiri ya bungwe ndi kuthokoza aliyense. Zimenezo zisalowe. Koma musawachotseretu, chifukwa woonera amafuna kuona nkhope ya munthu amene adzayankhe za ndalama yake. Apatseni pempho lija, dzina ndi udindo wawo zilembedwe pansi, anene ziganizo zisanu zija basi. Aonjezerepo lonjezo limodzi loti denga likakwera mudzatumiza chithunzi ndi malisiti pamalo pomwepo pamene vidiyo yatulukira, ndipo musankhiretu lero munthu amene adzachite zimenezo.