Choopsacho chikhale mzere woyamba

"Abale, lipoti langa la oditi lakwana mapeji 80, a bodi akuti alibe nthawi akufuna samale basi. Ndiyambe ndi mbiri ya ntchitoyo kapena zomwe tapeza?"

Zomwe mwapeza achemwali, ndipo choopsa kwambiricho chikhale mzere woyamba chonde. Ine zinandiwotchapo izi, mpaka pano ndikakumbukira mtima umathamanga.

Tinapanga oditi ya malipiro a masapulaya. Tinatenga mavawucha 60 ngati sampulo, 14 analibe pepala losonyeza kuti katundu anafikadi, ndipo mwa 14 amenewo 9 anali a sapulaya mmodzi amene akaunti yake yaku banki inasinthidwa mu sisitimu popanda kalata iliyonse. Amene anasintha akauntiyo ndi yemweyonso amavomereza malipiro, kulowetsa yekha kuvomereza yekha, nonse mu gulu muno mukudziwa kuti imeneyo ndi yofiira, kutanthauza yoopsa kwambiri. Koma ine samale ndinaiyamba ndi cholinga cha oditi, miyezi yomwe tinaunika, njira zomwe tinatsata, kuthokoza ogwira ntchito, mapeji awiri kutha. Nkhani ya sapulaya ndinaipatsa kamzere kamodzi kumunsi kwa peji yachitatu, tsatanetsatane wake pa peji 47.

Ndiye bwana wa zachuma ataona drafuti anandiyitana mu ofesi mwawo, akuti mwana wanga usaopseze a bodi, tayamba kale kukonza, ingolemba kuti pali mbali zina zofunika kukonza pa malipiro, komanso uitsitse ichoke pa zofiira ikhale yapakati. Ndinali watsopano, ndinavomera.

Patatha miyezi 5 sapulaya weniweni anabwera kudzalalata kuti sanalipidwe, pomwe mabuku akuti tinalipira. Anandiyitana ku miting'i ya bodi, ndinaima kumapeto kwa tebulo lipoti lili m'manja, a wapampando anavula magalasi nkundifunsa kuti inu a oditi munali kuti? Ndinati bwana tinalemba, zili pa peji 47. Anatsegula kopi yawo ine ndikuona, peji yoyamba ndi yachiwiri anali atachongachonga ndi cholembera, kuyambira yachitatu mapepala oyera osapindika ngati angochoka kumene mu pulinta. Anapeza kamzere kaja nkukawerenga mokweza, "mbali zina zofunika kukonza", kenako anati, mayi, apa ndidziwa bwanji kuti ndalama zikutuluka? Manja anga amanjenjemera, kukhosi gwaa, mawu osatuluka. Bwana wa zachuma aja anali pomwepo mpando wachitatu, amangoyang'ana foni. Sanatsegule pakamwa, olo kungonena kuti mawuwo ndinamuuza ndine. Imelo ndinalibe poti tinakambirana pakamwa. Kalata ya chenjezo ndinalandira ndine, iwo mpaka lero amandipatsa moni ngati palibe chinachitika, zimandiwawa kwambiri.

Ndiye inu pangani chonchi. Pamwamba penipeni chiganizo chimodzi chonena maganizo anu pa zonse, kuti njira zotetezera ndalama zikugwira ntchito kapena ayi. Kenako zofiira zokhazokha, zisapose zisanu, kuyambira chachikulu. Chilichonse munene zomwe mwapeza ndi manambala ake, lamulo lomwe laphwanyidwa, ndalama zomwe zili pangozi, amene akonze ndi tsiku lomaliza, kenako peji yomwe kuli tsatanetsatane. Osalemba kuti "mavawucha ambiri", lembani 14 mwa 60, ndipo munene kuti ndi sampulo chifukwa wina adzayesa kuti munaona onse. Ngati vutolo linalinso mu lipoti lapitalo ndipo sanakonze, lembani kuti labwerezanso, a bodi pamenepo amadzuka. Ndipo ngati pali chomwe mukufuna iwowo agamule, monga kuimitsa malipiro a sapulaya wakuti mpaka afufuze, chinenereni pa peji yoyamba yomweyo. Cholinga ndi njira zija mizere itatu kumapeto yakwana. Mukamaliza mupatseni mnzanu amene sanali pa oditiyo awerenge peji yoyamba yokha, akalephera kukuuzani vuto lalikulu ndiye kuti simunathe.

Mabwana asakhudze samale yanu, ndikubwereza asakhudze. Komabe muwaonetse kaye isanapite ku bodi, musawadzidzimutse, chifukwa akakakutsutsani nambala imodzi mu miting'i lipoti lonse limaoneka labodza, ndipo penapake amakhala ndi mapepala omwe inu simunawaone, ngati alipodi tsitsani mulingo wa kuopsa kwa vutolo palibe vuto. Koma zonse zidutse pa imelo, ndipo yankho lawo muliyike pansi pa chomwe mwapezacho mmene alembera iwowo.