Chithunzi n'chosalala pa sikirini, koma makina akudula manomano

Funso: Achimwene, ndili ndi kamalo kosindikiza matisheti ku Chibavi kuno ku Mzuzu. Timu ya mpira wamanja yandipatsa ntchito ya matisheti, kumsana akufuna chithunzithunzi chakuda cha mtsikana akudumpha ndi mpira. Ananditumizira chithunzi chochotsedwa kale zakumbuyo pa WhatsApp, ndachitsata m'mbali ndi Inkscape. Makina odula vinilu akudula monjenjemera, m'mbali muli manomano, pachifuwa pa mtsikanayo pali chibowo, ndipo zala zikuthothoka ndikamasenda vinilu yosafunika. Kodi ndigule mpeni wina?

Yankho: Mpeni musaugule kaye. Vuto lili mu fayilo, ndipo linayamba pamene chithunzicho chinadutsa pa WhatsApp.

Munthu akatumiza chithunzi mwachizolowezi, WhatsApp imachichepetsa n'kuchisandutsa JPEG. Mtundu wa fayilo umenewu sudziwa malo oonekera mkati, choncho ntchito yonse yochotsa zakumbuyo imafera pomwepo. Komanso umasiya timadontho totuwa mozungulira thupi, timene diso silitiona koma pulogalamu imatitsata limodzi ndi thupilo. Auzeni eni ake atumizenso fayilo yoyambirira ya PNG, ndipo asankhe Document potumiza. Akakutumizirani chithunzi chokhala ndi timabokosi toyera ndi totuwa kumbuyo, timene sitikuchoka, ndiye kuti angojambula sikirini. Chibwezeni.

Onaninso kukula kwake. Tinene kuti chili ndi mapikiselo 480 m'lifupi ndipo inu mukufuna chituluke masentimita 24 pa tisheti. Mamilimita 240 kugawa ndi 480, pikiselo iliyonse ikukhala theka la milimita. Mpeni umatha kutsata kakona kakang'ono chotero, ndipo umatsatadi, kamodzi ndi kamodzi, kuzungulira thupi lonse. Kunjenjemera kumene mukumva ndi kumeneko: makina akuima ndi kutembenuza mpeni pa kakona kalikonse.

Chibowo cha pachifuwa ndi nkhani ina. Inu munatsata chithunzi chamitundu mmene chinalili. Njira ya Brightness cutoff imangofunsa funso limodzi pa pikiselo iliyonse, kuti ndi yakuda kapena yowala. Sidziwa kuti apa ndi munthu, apa ndi kumbuyo. Chovala chowala cha wosewerayo chinawerengedwa ngati kumbuyo, ndiye chinabooka. Anthu akaona izi amayamba kukankha Threshold uku ndi uku, chibowo chikatsekeka m'mbali mumadzaza zinyalala. Musataye nthawi pamenepo. Chithunzi chiyambe chasanduka chakuda bii pa choyera mbee, kutsata kubwere pambuyo.

Tsegulani PNG ija mu GIMP. Pitani ku Image > Scale Image mukweze m'lifupi kufika pafupifupi 2000. Kenako Layer > Transparency > Alpha to Selection, mudzaze mbali yasankhikayo ndi mtundu wakuda, muchotse chisankhocho, n'kupanga Image > Flatten Image kumbuyo kuli koyera. Kukulitsa kokha sikuchotsa manomano, kumangowakulitsa, n'chifukwa chake pakubwera Filters > Blur > Gaussian Blur, pa 3 kapena 4, kuti makona asungunuke. Mukatero Colors > Threshold pafupi ndi 128 ibwezeretsa mzere wakuthwa, koma tsopano wokhota bwino. Apa ndi pomwe mungapulumutsire zala zija. Mukakweza nambalayo kufika cha m'ma 160, chakuda chimanenepa pang'ono mbali zonse, zala n'kupeza thupi. Tsitsi lomwazikana lija lifufuteni ndi burashi yoyera, musiye mutu wooneka bwino. Palibe makina odula vinilu amene angakutulutsireni tsitsi limodzilimodzi n'kukhalitsa pa nsalu.

Sungani ngati PNG, mulowetse mu Inkscape, Path > Trace Bitmap, Brightness cutoff, Threshold muisiye pa 0.45 pomwe imakhala. Dinani Apply kamodzi kokha. Kokerani chotulukacho pambali, chithunzi choyamba chija muchifufute.

Tsopano pali chinthu chimene ndimakakamira aliyense wobwera ndi fayilo kwa ine, ndipo sindilola vinilu kulowa m'makina chisanachitike. Pitani ku View > Display Mode > Outline. Amene amagwiritsa ntchito CorelDRAW, kwanu ndi View > Wireframe. Mtundu wonse uchoka, mutsala ndi timizere topyapyala basi. Zimene mukuona pamenepo ndi zimene mpeni ukuona. Makina sadziwa chakuda kapena chofiira, amangotsata mzere uliwonse umene uli mu fayilo, ngakhale umene unabisala pansi pa mtundu. Anthu ambiri amayang'ana chithunzi chodzazidwa, chikuoneka bwino patali, n'kutumiza ku makina. Akaononga mita ya vinilu ndiye amandiimbira kuti makina afa.

Mukakhala mu Outline yandikirani kwambiri, mpaka dzanja lokha lidzaze sikirini, ndipo muyende m'mbali mwa thupi lonse osathamanga, kuchokera pa mpira, kutsika ndi mkono, msana, mwendo, kukweranso mbali inayo. Mukaona timizere tozungulira tating'ono tili patokha kunja kwa thupi kapena mkati, amenewo ndi madontho aja. Aliyense mpeni ukamudula, ndipo inu mukhala pansi usiku n'kumatola ndi singano pa tisheti iliyonse. Path > Break Apart imalekanitsa zonse, mufufute zinyalala. Koma chenjerani, imalekanitsanso mabowo enieni, monga mpata wa pakati pa manja awiri ndi mpira. Mukamaliza kufufuta sankhani zotsalazo mupange Path > Combine, mubwerere kaye ku Normal muone ngati mpata uja ulipobe.

Kenako dinani N kuti timfundo ta mzere tioneke. Pansi pa sikirini pamalembedwa kuchuluka kwake. Munthu mmodzi wodumpha safuna timfundo masauzande. Ngati pa ntchafu, pamene payenera kukhala mzere umodzi wautali, timfundo tathithikana mpaka mzerewo sukuoneka, makina anjenjemeranso. Ctrl+L imatichepetsa. Dinani kamodzi muyang'ane, mwina kachiwiri. Musamangodinadina motsatizana, chifukwa mukadina mofulumira mphamvu yake imakwera, ndipo muona zala zasanduka ziboda, mphuno yapita. Pa nkhope ndi m'manja ndi bwino kukonza ndi dzanja, kufufuta kamfundo kamodzikamodzi.

Mukadali momwemo, ikani chithunzi pa kukula kwenikweni, masentimita 24 aja, loko wa pakati pa W ndi H atatsekedwa kuti mtsikanayo asafupike kapena kutalika. Jambulani kabwalo ka mamilimita 1.5 pambali, mukakokere pa chala chilichonse, pa chingwe cha nsapato, pamene mpira wakhudza dzanja. Paliponse pamene kabwaloko sikakukwana pakati pa mizere iwiri, pamenepo pathothoka posenda, kapena patukuka tisheti ikachapidwa kangapo. Panenepetseni kapena pachotseni. Mpira ugwirane ndi dzanja pa malo okwanira, usalendewere pa nsonga ya chala chimodzi. Mukamaliza musaiwale kufufuta kabwalo kaja, apo ayi nako kadulidwa.

Chomaliza mu Outline ndi mizere iwiri yogonerana. Munthu akadina Apply kawiri, zithunzi ziwiri zimasanjikizana ndendende ndipo diso silingaone. Mpeni umadutsa kawiri pamalo amodzi mpaka kuboola pulasitiki yonyamula vinilu, n'kukala kamzere kotetezera ka pansi pa mpeni. Dinani Ctrl+A muwerenge pansi kuti zasankhika zinthu zingati. Zikakhala ziwiri pamene inu mukuyembekeza chimodzi, kokerani chimodzi pambali muchifufute.

Ngati PNG yasoweratu ndipo muli ndi JPEG yokha, musalimbane nayo. Tengani cholembera cha Inkscape, dinani B, mujambule nokha pamwamba pa chithunzicho, kamfundo pamene mzere wasintha njira basi, ndipo mukatseke mzere pamene munayambira. Zimatenga kanthawi, koma mzere wojambula ndi dzanja umadulika bwino kuposa wotsata ndi pulogalamu, ndipo fayiloyo mudzaigwiritsanso ntchito timuyo ikadzabwera chaka chamawa.

Fayilo ikayera, zotsalazo mukuzidziwa. Dinani H kuti chithunzi chitembenuke, chifukwa vinilu ya pa nsalu imadulidwa chakumbuyo, mbali yonyezimira ili pansi. Dulani kaye kabokosi koyesera. Mpeni wa madigiri 45 ndi wokwanira, Offset yake nthawi zambiri imakhala 0.25, ndipo nsonga ingotuluka pang'ono kwambiri, kuti idule vinilu n'kungosiya kachizindikiro pa pulasitiki. Makona a kabokosiko akatuluka obulungira, Offset yachepa. Akatuluka ndi tinyanga, yachuluka. Liwiro litsitseni pa ntchito ya zala ngati iyi.

Mpeni muuganizire pokhapokha fayilo yoyera ikamatulukabe yokulika m'mbali. Ndipo ngati ndi ija yotchipa yobwera yambirimbiri m'kabokosi kopanda dzina, sindidabwa. Nsonga yake imabenthuka msanga, mwini makina n'kumangowonjezera mphamvu yopanikizira mpaka kuononga zina. Musanautaye uzuleni m'chogwirira chake, muchotse tizinyenyeswa ta vinilu timene timaunjikana m'kati, muone ngati ukuzungulira momasuka mukaupotoza ndi chala. Mpeni wosazungulira umang'amba makona ngakhale uli watsopano. Za kutentha tsatani pepala la vinilu yanu, yambiri imagwira cha pa madigiri 150 kwa masekondi 10 mpaka 15. Ndi chinyezi cha kuno ku Mzuzu, panikizani kaye tisheti yokha kwa masekondi ochepa kuti nthunzi ituluke musanaike chithunzi, ndipo yambani ndi imodzi, muichape, musanakhudze zinazo.