Kavidiyo kotsatsa shopu: kazikhala ndi chinthu chimodzi, mtengo umodzi, chochita chimodzi

"Abale ndithandizeni. Ndili ndi kashopu ku Kapata kuno ku Chipata, ndimagulitsa nsapato za sukulu, zikwama ndi masokosi. Ndikajambula vidiyo n'kuponya pa Facebook ndi pa Status anthu amangoona chabe, palibe olo mmodzi wofunsa mtengo. Kodi vidiyo yotsatsa malonda amaikonza bwanji kuti ibweretse makasitomala?"

Asisi, katundu muli naye wabwino ndipo nyengo yake ndi ino masukulu ali pafupi kutsegula, ndiye tiyeni tikonze kavidiyo kamodzi kuyambira poyamba mpaka pothera. Choyamba muvomere kuti kavidiyo aka sikoonetsera shopu yonse ayi. Ambiri amaimika foni pakhomo n'kuyamba kuyendetsa kamera mashelefu onse, uku zikwama uku masokosi uku nsapato, mphindi ziwiri zathunthu, munthu woonera amathera osadziwa kuti mukufuna agule chiyani. Sankhani chinthu chimodzi. Panopa ndi nsapato za sukulu zakuda, basi. Zikwama zidzakhala ndi vidiyo yake sabata ya mawa. Kutalika kwake masekondi 20, mukachulukitsa 30, chifukwa anthu kuno bandulo amaiwerengera ndipo vidiyo yaitali netiweki ikavuta imangozungulira munthu n'kupitirira.

Masekondi 20 amenewo muwagawe patatu, koma osati mofanana. Atatu oyambirira ndi oimitsira chala cha munthu, apakati ngati 12 ndi onenera chomwe mukupereka ndi mtengo wake, asanu omaliza ndi omuuza chochita.

Pa atatu oyambirirawo ndi pomwe mavidiyo ambiri amafera, ndiye ndikhalitsapo. Ife ulemu tinakula nawo, timafuna tiyambe ndi "muli bwanji makasitomala athu okondedwa, ndine mayi uje wa shopu yakuti", ndipo pamaso ndi pamaso ndi zoyenera ndithu, koma pa foni moni umenewo umadya masekondi asanu munthu asanaone chilichonse chomukhudza, chala chapita kale. Dzina la shopu, chikwangwani, kalogo kozungulira, zonsezo zidikire kumapeto. Chithunzi choyamba chenicheni chikhale vuto la kholo lomwe mukufuna likugulireni. Pezani nsapato yakale ya mwana yoyasama kutsogolo, soli itamatuka, muigwire pafupi ndi kamera, muitsegule ndi chala ioneke bwino, uku mukunena kuti "Ya mwana wanu yafika apa? Sukulu ikutsegula Lolemba." Kholo lililonse la ku Mchini kapena ku Nabvutika lomwe mwana wake amayenda wapansi tsiku ndi tsiku limaidziwa nsapato imeneyo, lili nayo pakhomo, liima.

Mawu omwewo muwalembenso pa vidiyopo ndi zilembo zikuluzikulu, osapitirira mawu asanu kapena asanu ndi limodzi pa nthawi imodzi. Chifukwa chake n'chakuti anthu ambiri amaonera foni ili chete, ali mu minibasi, ali pantchito, ali pamaliro, ndipo pa Facebook mavidiyo kawirikawiri amayamba okha opanda mawu mpaka munthu adinepo. Ngati uthenga wanu wonse uli pakamwa pokha ndiye kuti anthu amenewo angoona mayi akugwedeza milomo. Mu CapCut kapena InShot, mapulogalamu a pa foni okonzera mavidiyo, kulemba ndi kosavuta, mumadina Text n'kulemba. Zilembozo muziike chapakati, osati pansi penipeni kapena m'mphepete mwa kumanja, poti pa TikTok ndi pa Reels m'malo amenewo mumakhala mabatani ndi dzina la akaunti, zimaphimbika. Ndipo foni muigwire choimirira pojambula, osati chogoneka, kuti vidiyo idzaze sikirini yonse.

Koma chenjerani ndi chiyambi chongodabwitsa chosagwirizana ndi malonda. Ena amayamba ndi kuvina kapena kukuwa kuti "imani kaye!", anthu amaimadi koma ndi achinyamata ofuna zoseketsa, nsapato zikatulukira amachoka. Inu simukufuna Chipata yonse ione, mukufuna makolo a ana a pulayimale, ndiye chiyambi chizisankha anthu amenewo.

Tsopano pakati. Nsapato yakale ija muiponye pambali, mutenge yatsopano, ndipo apa musanene kuti "zabwino, zolimba, zotchipa", aliyense pa Saturday Market amanena zomwezo ndipo khutu linazolowera. Onetsani. Ipindeni soli ndi manja awiri ibwerere yokha, itembenuzeni muonetse kuti ndi yosoka osati yomata chabe, ngati ilidi yosoka. Kenako nenani zinthu zitatu zomwe kholo limafunsa likafika pashopu: masaizi alipo ati, ndi zingati, mpaka liti. Mtengo muunene poyera ndipo muulembe. Nkhani ya "mtengo bwerani ku inibokosi" imathamangitsa anthu, munthu amaganiza kuti ndi zodula kapena mtengo mumaona nkhope, ndipo ambiri amachita manyazi kufunsa kenako n'kulephera kugula.

Komanso mtengo wokha si chokopa, pamafunika kachifukwa koti munthu abwere sabata ino osati mwezi wa mawa, ndipo apa mutenge cholembera musanalonjeze. Tingoyerekeza, inu muikepo manambala anu enieni. Tinene peya mumaoda K120 n'kugulitsa K180, phindu K60. Mukati mwatsitsa kufika K150 phindu latsika ndi theka, yatsala K30, ndiye mufunika kugulitsa mapeya awiri kuti mupeze zomwe mumapeza pa imodzi, ndipo promosheni ikatha anthu adzakana K180 ati paja munkagulitsa K150. Njira yomwe ine ndimaikonda ndi yoonjezera kanthu. Masokosi omwe mumaoda K10 muwapereke ulere pa peya iliyonse, phindu latsala K50, mtengo wa nsapato sunagwe, ndipo kholo likuona kuti lapulumutsa ndalama yomwe likanagulira masokosi padera. Kapena ya ana awiri: mapeya awiri K330 m'malo mwa K360, inu mwaoda K240, mwatsala ndi K90 pa kasitomala mmodzi. Koma musankhe imodzi mwa ziwirizi, mukaika zonse mu masekondi 12 munthu asokonezeka.

Malire ake akhale oona. Mukati mpaka Loweruka, Lolemba masokosi aulere asapezekenso. Mukati atsala mapeya 15, akhaledi 15. Chipata ndi yaing'ono asisi, amene wagula lero ndi mnansi wa amene abwere mawa, akazindikira kuti "mpaka Loweruka" yanu imabwera sabata iliyonse sadzathamangiranso.

Kumapeto muuzeni munthu chochita, chimodzi chokha. Apa ambiri amati tiimbireni, tilembereni, laikani peji, sheyani, bwerani kushopu, zonse mpweya umodzi, munthu sachita olo chimodzi. Kwa inu chabwino ndi WhatsApp, ndipo mumupatse mawu oti alembe kuti asavutike kuganiza poyambira: "Tumizani saizi ya mwana pa WhatsApp, ndikusungirani mpaka madzulo." Mwaona, kutumiza saizi ndi kopepuka kuposa kulonjeza kugula, koma amene watumiza saizi ndiye kuti ndi kholo lenileni lofuna nsapato. Nambala ikhale pa sikirini masekondi asanu onse osasuntha, zilembo zazikulu, munthu athe kuiwerenga kawiri kapena kujambula sikirini. Pa Status nambala siifunika kwenikweni poti ali nayo kale, mungoti "yankhani pompano ndi saizi". Pa Facebook, m'mawu a pamwamba pa vidiyo ikani linki ya `wa.me/260` motsatana ndi nambala yanu mutachotsa 0 woyamba, popanda mipata, munthu akadina imamufikitsa pa macheza anu. Malo a shopu anenedwe ndi chizindikiro chomwe wa njinga angachidziwe, monga moyang'anana ndi chakuti, mzere wachiwiri, chitseko chobiriwira, osati kungoti Kapata, Kapata ndi yaikulu.

Ndiye zonse pamodzi zimveka chonchi. Nsapato yoyasama m'manja: "Ya mwana wanu yafika apa? Sukulu ikutsegula Lolemba." Yatsopano, mukuipinda: "Iyi ndi yosoka, onani. Masaizi a ana a pulayimale alipo, ya anyamata ndi ya atsikana, K180, masokosi ndikupatsani ulere mpaka Loweruka lino." Nkhope yanu muli pakhomo la shopu, nambala ili pa sikirini: "Tumizani saizi ya mwana pa WhatsApp, ndikusungirani mpaka madzulo." Muwerenge mokweza muli ndi wotchi, ikapitirira 25 chotsani mawu, musafulumize kulankhula. Lankhulani Chinyanja chomwe mumalankhula ndi kasitomala pakauntala, nkhope yanu ioneke ndithu poti anthu amaopa kutumiza ndalama pa Airtel Money kapena MoMo kwa munthu amene sanamuonepo.

Pojambula imani pakhomo kuwala kukumenyeni kumaso, osati kumbuyo, m'mawa msika usanachite phokoso, ndipo pukutani kagalasi ka kamera ndi nsalu. Nyimbo za oimba otchuka zisiyeni, Facebook imatha kuitsekera mawu vidiyo chifukwa cha umwini wa nyimbo, mawu anu n'kupita nawo limodzi.

Mukaponya, muzitha kudziwa pomwe pavuta m'malo mongoti vidiyo sinagwire. Pa peji ya Facebook ndi pa TikTok pali pomwe amaonetsa nthawi yomwe anthu amakhala akuonera. Ngati ambiri akuchoka pa masekondi awiri kapena atatu, vuto ndi chiyambi, jambulaninso chiyambi chokha zinazo musakhudze, mwina muyambe ndi mtengo weniweniwo, "Nsapato ya sukulu K180, masokosi ulere", muone kuti chagwira ndi chiti. Ngati akuonera mpaka kumapeto koma foni ili zii, ndiye kuti chomwe mukupereka sichinawakoke kapena sanamve chochita, yang'anani mtengo wa anzanu oyandikana nawo ndiponso ngati nambala ikuwerengeka pa foni yaing'ono. Ngati mauthenga akubwera onse ofunsa "zingati?", mtengo sunaoneke bwino. Ngati akutumiza masaizi koma osabwera, kawirikawiri ndi kuchedwa kuyankha, kholo lomwe lalemba 9 koloko inu n'kuyankha madzulo lagula kale ku Down Shops. Sungani kabuku, mulembe tsiku, angati alemba, angati agula, ndipo aliyense wofika mumufunse kuti anaona kuti. Malaiki musawawerengere, abale amalaika chilichonse.

Za Boost post, kulipira Facebook kuti ionetse vidiyo kwa anthu ambiri, ndingati dikirani kaye. Iponyeni ulere pa Status, pa peji ndi m'magulu a malonda a kuno masiku awiri kapena atatu, ikabweretsa mauthenga yokha ndiye muikepo kandalama, musankhe Chipata ndi madera oyandikira pokha osati Zambia yonse, ndipo cholinga chikhale mauthenga a WhatsApp. Munthu wa ku Kitwe kuonera vidiyo yanu ndi ndalama yanu yapita, nsapato ya K180 sangakwerere basi.