Madontho akuda a ziphuphu akukana kuchoka

Funso: Adokotala, ndili ndi zaka 24, ndimagulitsa kachewere pamsika ku Ulongwe. Ziphuphu zikapola zikumandisiyira madontho akuda m'masaya. Ndakhala ndikupaka mandimu ndi kirimu woyeretsa khungu kwa miyezi inayi. Poyamba nkhope inawala, koma pano ziphuphu zachuluka, madontho nawo aderatu. Nditani?

Yankho: Achemwali, mandimuwo asiyeni lero lomwe. Khungu lathu lakudali likapsa kapena kutupa limatulutsa melanini wambiri pamalopo, chinthu chimene chimapatsa khungu mtundu wake, ndiye dontho mukulionalo. Choncho chilichonse chowawa pankhope, kaya mandimu, kukwecha ndi chinkhupule, kapena kufinya chiphuphu ndi zikhadabo, chikungowonjezera kuda.

Kirimuyo ndiye akundidetsa nkhawa. Ambiri ogulitsidwa m'misika amakhala ndi mankhwala amphamvu ochepetsa kutupa otchedwa siteroidi, monga kilobetasolo kapena betametasoni. Amawalitsa msanga, kenako khungu limapyapyala, timitsempha n'kumaonekera, ndipo pamabuka tiziphuphu tofanana kukula tambirimbiri. Musamusiye mwadzidzidzi, nkhope ingayabwe n'kutupa. Mutengeni ndi chubu chake chomwe mupite naye kuchipatala, akakuuzeni kachepetsedwe kake.

Khungu likazizira, tiyambe ndi ziphuphuzo, chifukwa chiphuphu chatsopano chilichonse ndi dontho lina. Ku famase funsani mankhwala opaka a ziphuphu otchedwa adapalini, wa 0.1 peresenti. Madzulo sambani ndi sopo wofatsa, dikirani nkhope iumiretu. Finyani mankhwala ochepa ngati njere imodzi ya nandolo, mupake nkhope yonse mopyapyala, osati kuunjika padontho, ndipo musafike m'mbali mwa maso ndi milomo. Pamwamba pake pakani mafuta ofewetsa khungu opanda fungo. Yambani kawiri pa sabata, tinene Lolemba ndi Lachinayi. Pakatha masabata awiri popanda vuto, muzipaka modumphitsa tsiku. Kuuma pang'ono si kanthu, koma nkhope ikamatentha ngati mwapaka tsabola, kapena kusenda, pumulani masiku angapo. Kulimba mtima pamenepa kumabala madontho atsopano.

Ngati muli oyembekezera kapena mukufuna mimba, adapalini ayi. M'malo mwake gwiritsani ntchito asidi wa azelaiki wa 20 peresenti, amene amalimbana ndi ziphuphu ndi madontho omwe.

Tsopano dzuwa. Kuzizira kwa kwanuko ku Angonia kusakunamizeni, dzuwa la kumapiriko limadetsa dontho ngakhale mu Juni mutavala juzi. M'mawa uliwonse pakani mafuta oteteza ku dzuwa olembedwa mphamvu ya SPF 30 kapena kuposa, mubwerezenso masana. Ndikudziwa ndi odula. Ndalama ikavuta, chipewa chachikulu ndi ambulera pabenchi lanu zithandizako.

Kusintha mudzayamba kukuona pakatha masabata 8 mpaka 12. Madontho ofiirira amazimirira pa miyezi 6 mpaka 12, koma otuwa mobiriwira ali pansi pakhungu, amatha kutenga zaka. Dzijambuleni pafoni kamodzi pamwezi, mutaima pamalo omwewo m'mawa. Ikatha miyezi itatu osaona kusiyana, pemphani akutumizeni kwa dokotala wa khungu.