Musasiye puledinisoloni mwadzidzidzi, ngakhale mawondo aphwa

"Ndine mayi wa ku Santhe, ku Kasungu. Ndakhala ndikumwa puledinisoloni kwa miyezi iwiri chifukwa cha nyamakazi, mapiritsi 6 patsiku, atatu m'mawa, atatu madzulo. Mawondo aphwa, koma nkhope yanenepa, m'mimba mukutentha, tulo sindikupeza. Atsala mapiritsi ochepa. Kodi ndingosiya akatha?"

Mayi, musasiye. Pitani kuchipatala mapiritsiwo asanathe, mutenge kabuku kanu ka kuchipatala ndi kapepala kamene munalandiriramo mankhwala.

Pamwamba pa impso iliyonse pali kachiwalo kakang'ono kamene kamapanga madzi otchedwa kotizo. Kotizo amathandiza kuti magazi aziyenda ndi mphamvu yokwanira, shuga asatsike, ndiponso thupi lipirire likadwala. Puledinisoloni amagwira ntchito ngati kotizo, ndipo patsiku thupi limapanga kotizo wolingana ndi mamiligalamu 5 mpaka 7.5 a puledinisoloni. Ngati mapiritsi anu ndi a mamiligalamu 5, monga amakhalira ambiri, inu mukumwa 30. Ubongo ukaona kuti m'magazi muli mankhwala ochuluka chotero, umasiya kulamula tiziwalo tija kuti tigwire ntchito, ndipo timagona. Zili ngati munthu amene wakhala akulandira ufa mpaka kusiya kulima: tsiku limene ufa udzasiye kubwera, munda sungamudyetse tsiku lomwelo. Kugonaku kumatha kuyamba munthu akamwa mankhwalawa kupitirira milungu itatu, ndipo kuti tiziwaloto tidzuke pamatenga milungu, kwa ena miyezi. N'chifukwa chake wa mphumu amene anapatsidwa a masiku asanu amatha kungosiya, koma inu ayi.

Wosiya mwadzidzidzi amafooka kwambiri, amachita chizungulire akaimirira, nseru, kusanza, m'mimba kupweteka, thupi kuphwanya. Chimandidetsa nkhawa n'chakuti kwathu kuno zizindikiro zimenezi timazitcha malungo. Munthu amagula panado n'kugona, pamene magazi ake akuyenda mofooka ndipo shuga akutsika, mpaka kukomoka, ngakhale kumwalira kumene. Zikachitika, thamangirani kuchipatala ndipo mawu oyamba akhale akuti, "Ndimamwa puledinisoloni, ndasiya tsiku lakuti." Pamafunika jakisoni wa haidirokotizoni ndi diripu. Chimodzimodzi ngati mukusanza mapiritsi osakhazikika m'mimba. Kumeneko n'kusiya komwe.

Ndondomeko yochepetsera alembe ndi adokotala amene akudziwa matenda anu, koma nachi chitsanzo kuti muone mmene imayendera. Kuchoka pa mapiritsi 6, mlungu woyamba mumwa 5 patsiku, wachiwiri 4, wachitatu 3, wachinayi 2. Gawo limeneli limayenda mofulumirako chifukwa mukadali pamwamba pa mlingo umene thupi limafuna, ndipo chimene adokotala amayang'ana kwambiri ndi ngati mawondo ayambanso kutupa. Pofika pa piritsi limodzi ndi theka ndi pamene pamafunika kudekha, chifukwa apa tiziwalo tija tiyenera kuyamba kuwonjezera tokha. Mumakhala milungu iwiri kapena kupitirira pa mlingo uliwonse: limodzi ndi theka, limodzi, kenako theka. Kufooka kukabwera mutangotsitsa, nenani; kawirikawiri amakubwezerani pa mlingo umene munali bwino n'kutsika pang'onopang'ono kuposa poyamba. Mukadwala malungo kapena kutentha thupi nthawi imeneyi, kapena miyezi ingapo mutamaliza, nenaninso, poti thupi lodwala limafuna kotizo wochuluka.

Werengani mapiritsi musanachoke pawindo la mankhwala. Milungu inayi yoyambayo yokha imadya mapiritsi 98. Kuchokera ku Santhe kupita kuboma ndi ndalama, ndiye pemphani kuti tsiku lobwerera ligwe mapiritsi asanathe, ndipo ndondomekoyo ilembedwe m'kabuku mlungu ndi mlungu.

Za kumwa madzulo, funsani ngati mungamamwe onse nthawi imodzi m'mawa, monga amamwera anthu ambiri. Thupi limatulutsa kotizo wambiri m'mamawa, usiku amatsika. Piritsi la m'mawa limatsata kayendedwe kameneka, pamene la madzulo limakusowetsani tulo ndipo limagonetsa kwambiri tiziwalo tija. Mukaiwala m'mawa n'kukumbukira masana, imwani. Musaphatikize a masiku awiri.

Muzimwa mutadya. Tiyi yekha si chakudya: idyani phala, mbatata kapena mkute, kenako mapiritsi ndi madzi okwanira. Ndikukupemphaninso kuti musawonjezere bulufeni, indosidi kapena asipirini wogula pagolosale mawondo akawawa. Amenewa pamodzi ndi puledinisoloni amachulukitsa ngozi ya zilonda za m'mimba. Kutentha m'mimba mwanenako mukafotokoze kuchipatala, ndipo chimbudzi chikada ngati makala kapena mukasanza magazi, pitani tsiku lomwelo.

Nkhope yonenepayo ndi ya mankhwala omwewa. Imabwerera pang'onopang'ono mlingo ukamatsika, ndipo kuchepetsa mchere ndi zotsekemera kumathandizako. Mukapita, pemphaninso akuyezeni shuga ndi kuthamanga kwa magazi, chifukwa miyezi iwiri pa mapiritsi 6 imatha kukweza zonse ziwiri.