Blichi wa ufa kapena wa kirimu pa khungu losachedwa kupsa ndi tsitsi lopyapyala

*"Anzanga okonza tsitsi ndithandizeni. Tsitsi langa ndi lachibadwa, lalifupi, lakuda koma lopyapyala kwambiri. Ndikufuna lisanduke mtundu wa uchi. Vuto ndi loti khungu la m'mutu mwangamu silichedwa kuyabwa ndi kuwotcha. Ndigule blichi wa ufa kapena wa kirimu?"*

Achemwali, gulani wa kirimu, musakanize ndi divelopa wa voliyumu 20, osapitirira pamenepo. Koma musathamangire kusitolo musanamve chifukwa chake, poti ambiri amene apsa m'mutu sanapse chifukwa chosankha ufa m'malo mwa kirimu. Anapsa ndi divelopa wamphamvu komanso kusiya mankhwala m'mutu nthawi yaitali.

Ufa ndi kirimu ndi apachibale. Zonse ziwiri zili ndi mchere wotchedwa pesalufeti komanso mankhwala otsegula chikamba cha tsitsi. Mukathira divelopa, amene ndi perokisaidi, msakanizowo umalowa mkati mwa tsitsi n'kuphwanya utoto wake wachibadwa. Kusiyana kwake ndi koti mu kirimu mcherewo ausakaniza ndi mafuta. Mafutawo amachititsa kuti msakanizo usaume msanga, usafufume kwambiri, ndipo umakhala pamene mwaupaka. Wa ufa umayamba ntchito mwaukali, umafufuma ukatenthedwa, kenaka umauma n'kumanyenyeka. Ukauma ntchito yatha, ndiye pamutu pamatsala zigamba, pena poyera pena pofiira, ndipo munthu amakakamizika kupakanso kachiwiri pa khungu lomwe lapweteka kale. Kutentha kwa mu Okutobala kumafulumizitsa kuuma kumeneku. Ufa umachitanso fumbi poutakasa, ndipo fumbilo limatsokomoletsa, makamaka kwa munthu wa mphumu.

Komabe musatenge kirimu ngati mafuta odzola. Makirimu ambiri a masiku ano amayeretsa pafupifupi ngati ufa, ndipo poti sauma, amapitiriza kudya tsitsi mpaka mutatsuka. Tsitsi lopyapyala lingathe kuthothoka ndi kirimu woiwalidwa m'mutu monga momwe lingathothokere ndi ufa.

Pa botolo la divelopa pamalembedwa mphamvu yake mu voliyumu kapena peresenti. Voliyumu 10 ndi 3%, 20 ndi 6%, 30 ndi 9%, 40 ndi 12%. Pa chilichonse chokhudza khungu la m'mutu malire ndi 20. M'masaluni ena amakonda 30 kapena 40 kuti kasitomala anyamuke msanga, ndipo ine ndikuona kuti pa mutu ngati wanuwu kumeneko ndi kulakwa kwenikweni. Divelopa wa 40 amayeretsa kunja kwa tsitsi mofulumira n'kulisiya lotumbuka, pamene wa 20 amayenda pang'onopang'ono, zimene zimakupatsani mpata woyang'ana ndi kutsuka nthawi isanapitirire. Tsitsi lopyapyala lili ndi thupi lochepa loti mankhwala adutsemo, choncho limayera msanga kuposa lokhuthala. Silifuna mphamvu yambiri, limafuna diso.

Tsopano nkhani ya khungu lanulo, chifukwa mawu oti "limawotcha" angatanthauze zinthu ziwiri zosiyana kwambiri. Pali khungu limene limangonyerenyesa ndi kufiira likakumana ndi mankhwala aukali, n'kubwerera mwakale pakapita maola ochepa. Limeneli kirimu ndi divelopa wofooka zimalithandiza ndithu. Ndiye pali thupi limene limadana ndi pesalufeti weniweniyo. Zizindikiro zake ndi zidzolo zotupa zoyabwa, kutupa kwa zikope kapena milomo, kuyetsemula kosalekeza, kubanika, ndipo nthawi zambiri zimabwera m'mphindi zochepa chabe. Ngati ndinu wa gulu lachiwirili, kusintha kuchoka ku ufa kupita ku kirimu sikukupulumutsani, popeza mcherewo ulimo monsemo. Ngakhale paketi italembedwa kuti mulibe amoniya, zimenezo zimachepetsa fungo chabe, pesalufeti amakhalamo ndithu.

Kuti mudziwe gulu lanu, sakanizani pang'ono kwambiri, pakani kuseri kwa khutu kapena mkati mwa chigongono, tsukani ikakwana nthawi yolembedwa pa paketi, kenaka yang'anirani malowo kwa maola 48. Kufiira kochepa kumene kwazimirira kokha si vuto. Kutupa, matuza kapena kuyabwa komwe kukufalikira ndiye kuti blichi wa mtundu uliwonse si wanu. Ndipo ngati m'mutu muli zilonda, zipere kapena mfundu zimene mwakhala mukukanda, chizani kaye, chifukwa pamene khungu lang'ambika mankhwala amalowa mpaka pa mnofu.

Tsiku lomwelo yesaninso tsitsi. Dulani katsitsi pang'ono cha kunkhongo, kapakeni msakanizo, kakulungeni mu foilo, muzikasuzumira mphindi 5 zilizonse n'kulemba nthawi imene kafika mtundu womwe mukufuna. Mukakatsuka, kakokeni kali konyowa. Tsitsi lamoyo limatamuka pang'ono n'kubwerera. Likatamuka ngati chingamu osabwerera, kapena kuduka m'zala, nthawiyo yachuluka kapena tsitsi lanu silingapirire n'komwe. Chiyeso chimenechi chimaululanso zimene mwina mwaiwala kutiuza. Ngati munaikapo rilakisa ndipo nsonga zake zikadalipo, nsongazo zidzasungunuka, chifukwa rilakisa anaphwanya kale zomangira za mkati mwa tsitsi ndipo blichi amaphwanya zotsalazo. Ngati munapakapo dayi wakuda kapena hena wosakaniza ndi zina, katsitsiko kangakanirire pa mtundu wofiira, kapena foilo n'kuyamba kutentha. Zikatero metani mbali imeneyo kapena dikirani tsitsi latsopano.

Tiyerekeze kuti mayeso onse mwapambana ndipo tsitsi lanu ndi lotalika masentimita 5. Okonza tsitsi amawerenga mtundu kuyambira 1, wakuda bii, mpaka 10, woyera kwambiri. Lanulo lili pa 1 kapena 2, ndipo mtundu wa uchi uli cha pa 7. Popita kumeneko tsitsi limadutsa pa kufiira, kenaka mtundu wa lalanje, kenaka lalanje wopita ku chikasu. Pamenepo ndi pamene muimire. Simukufunika kufika pa chikasu chotumbuluka, ndipo imeneyi ndi nkhani yabwino kwa tsitsi lopyapyala.

Musatsuke m'mutu tsiku limodzi kapena awiri musanapake, kuti mafuta achibadwa atchinge khungu. Musakande, musapese mokhula, ndipo ngati mwangomasula kumene malukidwe othina, pumitsani mutu sabata yathunthu. Pakani vaselini m'mphepete mwa chipumi, pa makutu ndi kunkhongo, koma asakhudze tsitsi. Valani magolovesi, tsegulani mawindo.

Gwiritsani ntchito mbale ya pulasitiki kapena ya galasi. Yachitsulo ayi, chifukwa chitsulo chimasokoneza perokisaidi. Yezani pa sikelo ya kukhitchini m'malo mongoyerekeza ndi maso. Makirimu ambiri amafuna gawo limodzi la kirimu ku gawo limodzi ndi theka kapena awiri a divelopa, ndiye magalamu 30 a kirimu apite ndi magalamu 45 mpaka 60 a divelopa, molingana ndi zolembedwa pa paketi yanu. Msakanizo wolimba kwambiri umauma msanga, wamadzimadzi umayenderera n'kukakhazikika pa khungu. Musasakanize wonse nthawi imodzi, chifukwa mphamvu yake imayamba kutha pomwe mwangotakasa.

Gawani mutu pa zigawo zinayi, mutenge tsitsi pang'onopang'ono, muyambire kumbuyo. Pakani mosaumira, tsitsi likhute bwino, koma siyani sentimita imodzi kuchokera pa khungu. Apa ndi pamene pagona chitetezo chanu chachikulu. Kutentha kwa mutu kumachititsa tsitsi la kutsinde kuyera msanga kuposa nsonga, ndiye mukapaka ponse nthawi imodzi mudzatuluka ndi tsinde lachikasu, nsonga zofiira, komanso khungu limene lakhala m'mankhwala nthawi yonse popanda chifukwa. Dikirani mphindi 15 kapena 20, nsonga zikayamba kuoneka lalanje, ndiye musakanize wina watsopano wochepa n'kupaka kutsinde, moika chabe, osatikita. Mwa njira imeneyi khungu likumana ndi mankhwala kwa mphindi 10 mpaka 15 zokha. Tsitsi la m'mphepete mwa chipumi ndi cha m'litsipa lipakeni pomalizira penipeni, ndi losalimba kuposa lonse.

Mukhoza kuvala kachipewa ka pulasitiki momasuka kuti msakanizo usaume, koma musalowe mu dulaya ndipo musakhale padzuwa. Mphindi 5 zilizonse palani kamalo kamodzi ndi nsonga ya chipeso muone mtundu weniweni, chifukwa tsitsi likakutidwa ndi msakanizo limaoneka loyera kuposa momwe lilili. Mapaketi ambiri amaika malire pa mphindi 45 kapena 50, koma amenewo ndi malire, si cholinga. Nthawi yoti muikhulupirire ndi ija munalemba poyesa katsitsi, ndipo pamutu ingafupike chifukwa cha kutentha kwa thupi.

Kunyerenyesa pang'ono ndi kufunda n'zachizolowezi. Ululu wobaya, kutentha komwe kukukulirakulira kapena malo amodzi oyaka ngati moto, tsukani pomwepo ndi madzi ambiri ozizira, ngakhale mtundu usanafike. Mawu aja oti pirirani, kuwotchako ndiye kuti akugwira ntchito, ndi amene asiyira anthu nkhanambo ndi zipsera zosameranso tsitsi. Nkhope ikayamba kutupa kapena mpweya ukayamba kuvuta, tsukani n'kupita kuchipatala msanga mutatenga paketi yake.

Nthawi ikakwana tsukani ndi madzi ofunda pang'ono mpaka kuterera konse kuthe, kenaka shampu wofatsa pogwiritsa ntchito nsonga za zala osati zikhadabo, kenaka kondishona. Ngati tsitsi laima pa lalanje wakuda, musabwereze tsiku lomwelo. Dikirani masabata anayi kapena kupitirira, mukulidyetsa zofewetsa sabata iliyonse ndi mankhwala a puloteni apo ndi apo. Mtundu mungaukonze ndi tona, mankhwala opaka pa tsitsi loyeretsedwa kale. Lalanje amazizira ndi tona wokhala ndi buluu, chikasu ndi wa pepo, posakaniza ndi divelopa wa voliyumu 10 kapena wocheperapo. Tona ndi dayi, choncho nayenso muyeseni pakhungu payekha, ndipo ngati m'mutu mukumvabe kuwawa mulekeni kwa masiku angapo.

Ufa uli ndi malo ake, sindikuutaya. Ngati mungakhutire ndi mizere yowala kapena nsonga zokha, mankhwala amakulungidwa mu foilo osakhudza khungu n'komwe, ndipo mu foilo ufa suuma msanga. Pamenepo ufa ndi divelopa wa 10 kapena 20 zimagwira bwino pa tsitsi lopyapyala, bola wopakayo asiye kampata kutsinde kuti ukafufuma usatulukire pa khungu. Pamene mudzabwerere kukayeretsa tsitsi lomera kumene, patatha masabata 6 mpaka 8, mankhwala apakidwe pa lakuda lokhalo. Akadutsa pa loyeretsedwa kale, tsitsi lopyapyala limaduka pamalire pomwepo.